Uthenga wa Komiti ya Mjigo: Kuulemba Monga Timayankhulira

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero tikamba za mauthenga amene timalemba pa foni potumizira gulu la anthu, kaya ndi a kumpingo, a banki m'khonde, makolo a ana a sukulu kapena a m'mudzi. Ambiri a ife tikangogwira foni kuti tilembe chidziwitso, Chichewa chathu chimasintha n'kukhala chija cha m'makalata a ku ofesi, chouma ndi chovuta kumeza. Mu situdiyo muno ndili ndi mayi amene aphunzitsa Chichewa ku sekondale kwa zaka zambiri. Mayi, takulandirani.

MPHUNZITSI: Zikomo achimwene, ndi moni kwa omvera. Ine sindikufuna tiyambe ndi malamulo. Ndabwera ndi uthenga umodzi womwe ndaukonza ngati chitsanzo, potengera mmene zidziwitso zambiri zimalembedwera. Tinene kuti mjigo wa pamudzi wayamba kuvuta, komiti yakumana, ndipo mlembi wauzidwa kuti adziwitse anthu pa gulu la WhatsApp. Tawerengani inuyo, mawu anu ndi a pawailesi.

WOULUTSA: Chabwino. Ukuti: "Chidziwitso. Anthu onse ogwiritsa ntchito mjigo wa m'mudzi muno akudziwitsidwa kuti, potsatira zomwe zinagwirizanidwa pa msonkhano wa komiti womwe unachitika posachedwapa, ndiponso pofuna kuonetsetsa kuti kaperekedwe ka madzi aukhondo kakupitirira mosadodometsedwa, banja lililonse likuyembekezeredwa kupereka ndalama yokwana K1,500 pasanafike pa 14 mwezi uno. Kulephera kutero kudzachititsa kuti okhudzidwawo asaloledwe kugwiritsa ntchito chipangizo chomwe chatchulidwa pamwambachi. Mgwirizano wanu udzayamikiridwa kwambiri. Mwa lamulo la komiti." Eee, mpweya unatsala pang'ono kundithera.

MPHUNZITSI: Mwapuma kangati musanafike pa ndalama paja?

WOULUTSA: Kawiri, mwina katatu.

MPHUNZITSI: Ndipo inu kuwerenga ndi ntchito yanu. Ganizani za mwana wa Sitandade 6 amene akuwerengera agogo ake uthengawu, poti foni ya pakhomopo ndi imodzi. Akamafika pa K1,500, agogo aja aiwala kale kuti nkhani inayambira pa mjigo. Koma kutalika kwa chiganizo si vuto lalikulu. Ndikufunseni: mu uthenga wonsewo, ndani akuyankhula?

WOULUTSA: Komiti, si choncho? Yatchulidwa kumapeto.

MPHUNZITSI: Kumapeto, inde, ndipo yatchulidwa ngati mwini lamulo. M'kati monsemo mulibe munthu. Tamverani aneni ake: akudziwitsidwa, zinagwirizanidwa, likuyembekezeredwa, asaloledwe, udzayamikiridwa. Kusukulu timati msintho wochitidwa, uja wothera ndi "idwa" kapena "edwa". Si wolakwika ayi. Tikati mbuzi yabedwa timanena bwino, chifukwa wakubayo sitikumudziwa. Koma pano wodziwitsayo tikumudziwa, ndi mlembi, amene dzulo lomweli tinali naye pamaliro. Akalemba kuti "akudziwitsidwa" ndiye kuti wabisala kuseri kwa mneni. Ndipo taonani kuti owerenganso awasandutsa anthu akutali. Sakuti "inu". Akuti "anthu onse ogwiritsa ntchito", kenako "okhudzidwawo", ngati akunena za anthu a mudzi wina.

WOULUTSA: Nanga chizolowezi chimenechi tinachitenga kuti? Palibetu amene amayankhula chonchi pamjigo.

MPHUNZITSI: Mbali ina ndi ku maofesi. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, koma makalata a boma, a makhoti ndi a makampani anapitirira kulembedwa m'Chingerezi. Ndiye chidziwitso chimaganizidwa m'Chingerezi, wina n'kuchitembenuza liwu ndi liwu, n'kuchimata pakhoma la chipatala kapena la sukulu. Tawerenga zoterezi kuyambira tili ana mpaka tinayamba kukhulupirira kuti Chichewa cholemekezeka chimamveka choncho. Mbali ina ndi ifeyo aphunzitsi. Timaphunzitsa kalata ya mchezo ndi kalata ya ntchito, ndipo ana amachoka ndi maganizo akuti nkhani ikangokhudza ndalama kapena komiti, basi ndi kalata ya ntchito. Uthenga wa pagulu la mudzi suli uku kapena uko. Nkhani yake ndi ya ntchito, koma olandira ake ndi anthu omwe mumapatsana nawo moto.

WOULUTSA: Tiyeni tiukonze. Ine ndikanayamba n'kuika "Okondedwa abale ndi alongo" pamwamba.

MPHUNZITSI: Ambiri amatero, n'kusiya zonse zapansizo mmene zilili. Kumeneko n'kupaka laimu khoma long'aluka. "Okondedwa" pamwamba, "okhudzidwawo asaloledwe" pansi, munthu amamva kuti chikondicho n'chapakamwa. Njira yomwe ndimaphunzitsa ndi iyi. Ikani foni pansi. Ganizani munthu mmodzi weniweni wa pagulupo, wamkulu amene mumamupatsa ulemu koma mumacheza naye. Mwakumana naye panjira. Muuzeni nkhaniyo pakamwa. Tayesani achimwene, ine ndikhale mayi ameneyo.

WOULUTSA: Chabwino. Mwaswera bwanji mayi? Paja mwamva za mjigo? Akuti tisonkhe K1,500 banja lililonse.

MPHUNZITSI: Ndaswera. Ya chiyani ndalamayo?

WOULUTSA: Aaa... kuti madzi apitirire kutuluka.

MPHUNZITSI: Chawonongeka n'chiyani? Nanga tikapereke kwa ndani?

WOULUTSA: Mu uthenga muja sananene.

MPHUNZITSI: Mwaona? Apa ndi pamene ndimafuna tifike. Mawu ouma aja amabisa mipata. "Pofuna kuonetsetsa kuti kaperekedwe ka madzi aukhondo kakupitirira" akumveka ngati chifukwa, koma mukawafinya simutuluka kanthu. Mukangoyamba kuyankhula ngati munthu, mnzanuyo amafunsa, ndipo mumazindikira kuti uthengawo sunanene chomwe chawonongeka, sunanene wolandira ndalama, ndiponso tsiku lake ndi lokayikitsa.

WOULUTSA: Tsiku alitchulatu, pa 14.

MPHUNZITSI: Ati "pasanafike pa 14". Ndiye wobweretsa ndalama pa 14 m'mawa wachedwa kapena ayi? Kunena mwachindunji, tsiku lomaliza ndi pa 13. Koma theka la mudzi lidzabwera pa 14, ndipo mkangano udzayambira pomwepo. Mlembi wanzeru sangoganizira yekha. Amaimbira wapampando n'kufunsa: kodi pa 14 pomwepo tikulandira? Chawonongeka n'chiyani kwenikweni? Akulandira ndani? Ntchito yofewetsa mawu imakubwezani kwa eni nkhani kukatenga zimene zinasowa. Musadzaze mipatayo ndi za m'mutu mwanu pofuna kuti uthenga ukome.

WOULUTSA: Tinene kuti wafunsa, ndipo amuyankha kuti amakaniko apeza kuti marabala a m'kati mwa mjigo atha, ndalama akulandira amsungichuma, ndipo pa 14 pomwepo, lomwe ndi Lachisanu, ndiye tsiku lomaliza.

MPHUNZITSI: Ndiye uthenga ukhoza kumveka chonchi: "Mwaswera bwanji nonse otunga pamjigo pathu? Ndine mlembi wa komiti. Mwaona kuti masiku ano tikumapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke. Amakaniko akuti marabala a m'kati atha, ndipo tikachedwa mjigo uimiratu. Ndiye tikupempha kuti banja lililonse lisonkhe K1,500. Mukapereke kwa amsungichuma pofika Lachisanu pa 14, ndipo akulembani m'buku pomwepo. Pa msonkhano uja tinagwirizana kuti banja lomwe silipereka pofika tsikulo liyambe laleka kutunga mpaka litapereka. Zikomo kwambiri."

WOULUTSA: Koma ndiye zasinthatu. Ngakhale kutalika kwake sikunasiyane kwenikweni.

MPHUNZITSI: Sikunasiyane, ndipo anthu asamaganize kuti uthenga wochezeka ndi waufupi basi. Chasintha n'chakuti chiganizo chilichonse chanyamula chinthu chimodzi, ndipo mwana uja akhoza kupuma pa mpumiro uliwonse agogo n'kumatsatira. Ndikufuna tikhalitse pang'ono pa chiganizo chachitatu chija, "mwaona kuti masiku ano tikumapopa nthawi yaitali". Uthenga woyamba unayambira pa msonkhano wa komiti, chinthu chimene owerenga ambiri sanakhalepo. Wachiwiriwu wayambira pa chinthu chimene mayi aliyense wachimva m'mikono mwake m'mawa uno. Akamafika pa ndalama, wavomereza kale kuti vuto lilipo. Pocheza timachita zimenezi osaganizira n'komwe, timayambira pa zomwe tonse tikudziwa. Polemba m'pamene timaiwala.

Chachiwiri, mayina aja opangidwa kuchokera ku aneni ndawabweza kwawo. "Kaperekedwe ka madzi" kasanduka "madzi asanatuluke". "Kulephera kutero kudzachititsa" kwasanduka "banja lomwe silipereka". Mukaona mawu oyamba ndi "ka" n'kuthera ndi "dwe" ataunjikana, monga kayendetsedwe, kagwiritsidwe, kasamalidwe, dzifunseni kuti akuyendetsa ndani, akusamala ndani. Yankho lakelo ndilo chiganizo chomwe mukufuna.

WOULUTSA: Ndaonanso kuti "chipangizo chomwe chatchulidwa pamwambachi" chachoka.

MPHUNZITSI: Mjigo ndi mjigo, autchule kawiri kapena katatu palibe cholakwika. Komanso womvera ndi khutu alibe pamwamba kapena pansi. Mawu amenewo ndi a papepala.

WOULUTSA: Koma mayi, pali chimodzi chomwe chandidabwitsa. Mwasiyamo chilango. Ine ndimayesa kuti pofuna kuchezeka, zoletsa anthu kutunga tizichotsa.

MPHUNZITSI: Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera mbali inayo. Ngati komiti inagwirizana kuti wosapereka asatunge, kubisa zimenezo si chifundo. Mayi adzafika pamjigo Loweruka ndi ndowa yake n'kubwezedwa pamaso pa anzake, chonsecho uthenga sunamuchenjeze. Chimene ndasintha ndi kanenedwe. Ndati "tinagwirizana", kusonyeza kuti lamulolo lili ndi eni ake ndipo mlembi ali momwemo. Ndawonjezanso "mpaka litapereka", kuti munthu aone kuti khomo silinatsekedwe mpaka kalekale. Komatu mawu amenewo ndawaika chifukwa ndikuyesa kuti ndi zomwe komiti inanena. Ngati sinanene, mlembi afunse kaye.

Ndipo pali chiganizo china chokoma chimene ndinachisiya dala: "Ngati zavuta, bwerani tikambirane." Chimamveka chaumunthu kwambiri, ndipo dzanja limachita kuyabwa kuti lichilembe. Koma limenelo ndi lonjezo. Mabanja khumi akabwera kudzakambirana, komiti ili ndi chowayankha? Ngati inakonza kale kuti okalamba kapena odwala awaganizire, chilembeni. Ngati sinakonze, mlembi waika anzake m'mavuto chifukwa chofuna kumveka wokoma mtima.

WOULUTSA: Tatiwerengerani chitsanzo cha uthenga womwe wapitirira muyeso pofuna kuchezeka.

MPHUNZITSI: Ndili nawo. "Bho bho anthu anga! Kamjigo kathu kadwalatu, ndiye amene angakwanitse atithandizeko ndi kangachepe sabata ikubwerayi. Osaiwala, madzi ndi moyo!" Kenako tizithunzi toseka tisanu.

WOULUTSA: (akuseka) Umenewu ndiye ndaulandirapo wofanana nawo.

MPHUNZITSI: Tonse taulandirapo. Taonani zomwe zatayika. K1,500 yasanduka "kangachepe", ndiye wobweretsa K200 sanalakwe. Lachisanu pa 14 lasanduka "sabata ikubwerayi", ndipo uthenga ukatumizidwa kwa wina patapita masiku anayi, sabata ikubwerayo ndi ina. "Banja lililonse" lasanduka "amene angakwanitse". Ndipo kamawu kaja "ko" mu "atithandizeko" n'kakang'ono koma kali ndi mphamvu. Kamasandutsa udindo kukhala chithandizo chongopempha. Pamene mukupemphadi chifundo, monga chopepesera pamaliro, "ko" ndi woyenera. Pa msonkho womwe mudzi unagwirizana, musiyeni.

Za "bho bho anthu anga" sindinena zambiri. Pagulupo pali amfumu, pali apongozi a winawake. Anyamata pa gulu lawo la mpira alembe choncho, palibe vuto.

WOULUTSA: Pamenepa pali funso lomwe ndikudziwa kuti omvera achikulire ali nalo. Kodi tikachotsa mawu a ku ofesi aja, ulemu suchoka nawo limodzi?

MPHUNZITSI: Ulemu wa Chichewa sukhala mu "akudziwitsidwa". Umakhala mu "inu" m'malo mwa "iwe", mu "a" amene timaika patsogolo tikati amsungichuma kapena amakaniko, mu moni woyambirira, ndi m'mawu amene timagwiritsa ntchito popempha. Taonani kusiyana kwa "perekani ndalama" ndi "mukapereke kwa amsungichuma". Onse awiri ndi aulemu, koma woyambayo ndi lamulo lolunjika, wachiwiriyo ndi mmene mungauzire munthu wamkulu kumaso. Mukafuna kudziphatikizamo mumati "tiyeni tisonkhe". Zambiri mwa izi zili mu uthenga wachiwiri uja, ndipo mu woyamba mulibe n'chimodzi chomwe, ngakhale moni. Ndiye mwa awiriwo, wopanda ulemu ndi uti? Wina akhoza kuimirira pamaso pa amfumu n'kunena uthenga wachiwiriwo liwu ndi liwu osachita manyazi. Atanena woyambawo, anthu akhoza kuyang'anana.

Komanso tisasokoneze mawu ouma ndi mawu ozungulira a mwambo. Polengeza maliro timati agogo atisiya, mwambo wa m'manda uli mawa. Amenewo si mawu a ku ofesi, ndi mmene timayankhulira pakamwa pomwe, ndipo asakhudzidwe.

WOULUTSA: Nanga kaonekedwe kake pa foni? Ena amalemba zonse m'zilembo zazikulu kuti anthu aone kuti nkhani ndi yofunika.

MPHUNZITSI: Zilembo zazikulu zokhazokha zimaoneka ngati mukukalipa, ndipo zimatopetsa maso. Ngati mukufuna kuti ndalama ndi tsiku zioneke msanga, pa WhatsApp ikani kanyenyezi kutsogolo ndi kumapeto kwa mawuwo, monga *K1,500*, ndipo adzatuluka okhuthala. Chitani zimenezi pa zinthu ziwiri zokha, ndalama ndi tsiku. Mukadetsa chilichonse, palibe chooneka. Kumbukiraninso kuti uthenga ukatalika kwambiri, foni imaudula n'kuika mawu akuti Read more, ndipo si onse amadina pamenepo. Choncho chimene mukufuna kuti munthu achite chisakhale kumchira.

WOULUTSA: Nanga omwe ali ndi mafoni a mabatani, oti tiwatumizire SMS?

MPHUNZITSI: Uthenga umodzi wa SMS umatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukapyola apo mumalipira ngati mauthenga awiri. Ndiye mukhoza kulemba kuti: "Moni. Mjigo wathu ukufuna marabala atsopano. Banja lililonse lisonkhe K1,500 kwa amsungichuma pofika Lachisanu pa 14. Zikomo. Mlembi wa komiti." Umenewu ukukwana mu uthenga umodzi. Moni ndi zikomo ndazisunga, chifukwa zikungodya zilembo zochepa koma ndi zimene zikuupangitsa kumveka ngati wachokera kwa munthu. Chomwe sichinakwane ndi chenjezo la kuletsedwa kutunga. Pamenepo ine ndikanalolera kulipira uthenga wachiwiri, kusiyana ndi kuti a mafoni a mabatani akhale okhawo osadziwa za chilangocho.

WOULUTSA: Munthu walemba, wakonza. Adziwa bwanji kuti tsopano zili bwino asanatumize?

MPHUNZITSI: Awerengere mokweza munthu wa pakhomo amene sanali ku msonkhano, kamodzi kokha, kenako amufunse: tipereke zingati, kwa ndani, pofika liti, ndipo tikapanda kupereka chichitike n'chiyani? Akayankha zonse, uthenga wakwana. Akakayika pa chimodzi, chiganizo chimenecho chibwerezedwe. Powerengapo amvetserenso lilime lake. Pamene lapunthwa, kapena pamene wachita manyazi kutchula mawuwo pamaso pa mkazi wake kapena mwamuna wake, pamenepo patsalira Chichewa cha ku ofesi. Ndipo akatumiza, ayang'ane mayankho. Anthu akayamba kufunsa kuti "zingati?" kapena "kwa ndani?", vuto si kusawerenga kwawo ayi.

WOULUTSA: Funso lomaliza mayi. Pali pamene mawu a ntchito aja ayenera kukhala mmene alili?

MPHUNZITSI: Alipo. Zomwe komiti inagwirizana zimalembedwa m'buku la misonkhano, ndipo m'menemo mawu asasinthidwe pofuna kukometsa, chifukwa tsiku la mkangano anthu adzatsegula bukulo. Chimodzimodzi kalata yopita ku khonsolo yopempha thandizo pa mjigo womwewo, imeneyo ndi kalata ya ntchito ndithu, yokhala ndi keyala, tsiku, mutu ndi siginecha. Ngakhale m'menemo sindiona chifukwa cholembera "chipangizo chomwe chatchulidwa pamwambachi" pamene mukhoza kungoti mjigo. Ndipo ngati mukutumizira anthu mawu a lamulo, a dokotala kapena a mgwirizano wa ngongole, musawalembenso m'mawu anuanu n'kutaya oyambawo. Atumizeni mmene alili, ndipo pamwamba pake lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zanu zofotokoza kuti nkhaniyo ikutanthauza chiyani kwa owerengawo. Wina akadzatsutsa, mawu enieniwo adzakhala ali pomwepo.

WOULUTSA: Mayi, nthawi yatithera.

MPHUNZITSI: Tsalani bwino omvera.

(Nyimbo yotsekera)